Reti yomwe munauzidwa ndi ndalama zomwe zafika: muziwerenga nokha

Mwezi ukamatha, mafoni ambiri ku Mangochi, ku Machinga, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amalira ndi uthenga umodzimodzi: ndalama zafika kuchokera ku Joni. Wolandira amathokoza, wotumiza mtima umakhala m'malo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Ndi anthu ochepa kwambiri amene amatenga pepala ndi cholembera n'kuona ngati makwacha omwe afikawo akugwirizana ndi reti yomwe wotumiza anauzidwa. Ambiri amangoti poti zafika, zafika. Koma pakati pa thumba la mnyamata wa ku Joni ndi dzanja la amayi ake kumudzi pamatsalira ndalama, ndipo gawo lina la ndalamazo silimalembedwa paliponse kuti ndi chaji.

Banki Yayikulu ya Dziko Lonse imatsata mitengo yotumizira ndalama m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikupeza kuti padziko lonse munthu amataya pafupifupi magawo 6 pa 100 aliwonse a ndalama yomwe watumiza. Kutumiza ku mayiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara n'kodula kuposa kwina kulikonse, ndipo mwa mayiko a m'gulu la G20, dziko la South Africa ndi lomwe lakhala lodula kwambiri kutumizirako ndalama kunja. Mu 2015 mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 mtengowu utsike, usapitirire magawo 3 pa 100. Chomwe chimandikopa pa kawerengedwe ka bankiyi n'chakuti siyiyang'ana chaji yokha. Imaphatikiza chaji yolembedwa ndi phindu lomwe kampani yabisa mu reti. Ife nafe tiyenera kuwerenga chimodzimodzi, ndipo sizifuna sukulu yapamwamba. Kuchulukitsa, kugawa ndi kuchotsera basi, zomwe foni iliyonse imachita.

Reti si imodzi

Munthu akati "randi lero ili pa zakuti", tiyenera kumufunsa kuti akunena reti iti, chifukwa pa tsiku limodzi pamakhala mareti angapo. Pakhoma la banki kapena la byuro yosinthira ndalama pamalembedwa manambala awiri pa ndalama iliyonse, ina pansi pa mawu akuti BUY, ina pansi pa SELL. Mawu awiriwa amanena zomwe bankiyo ikuchita, osati zomwe inu mukuchita. Mukabwera ndi marandi kuti mupatsidwe makwacha, banki ndiyo ikugula, choncho nambala yanu ndi yaing'onoyo. Mukabwera ndi makwacha kufuna marandi a ulendo, banki ikugulitsa, ndipo mulipira nambala yaikuluyo. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa. Amayang'ana nambala yaikulu ali ndi marandi m'manja, n'kumaganiza kuti aberedwa pomwe wosintha ndalamayo watsata ndendende zomwe zili pakhoma.

Pakati pa manambala awiriwa pali reti yapakati. Mumaipeza pophatikiza awiriwo n'kugawa ndi 2. Reti yomwe mumaiona mukafufuza pa intaneti nthawi zambiri imakhala yapakatiyi, ndipo Reserve Bank of Malawi nayo imatulutsa mareti a tsiku lililonse la ntchito: yogulira, yapakati ndi yogulitsira. Palibe kampani yomwe inalonjeza kukupatsani reti yapakati. Ntchito yake ndi kukhala muyeso. Mtunda womwe uli pakati pa reti yapakati ndi reti yomwe mwapatsidwa ndiwo phindu la kampani pa randi iliyonse, ndipo phindu limeneli mumalipira ndinu ngakhale chikwangwani chitalengeza kuti kutumiza n'kwaulere.

Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda akudziwa mmene izi zimayendera. Venda wina amatchula mtengo wabwino pa kilogalamu koma sikelo yake ndi yobera, wina amatchula mtengo wotsikirapo koma sikelo yake ndi yoona. Mlimi wochenjera amayamba wadziwa kulemera kwa thumba lake, kenako amawerenga ndalama zomwe zalowa m'manja. Potumiza ndalama kunja nakonso, chaji ndi reti ziyenera kuonedwa pamodzi, chifukwa kampani ikhoza kutsitsa chimodzi n'kubwezera pa chinzake.

Marandi 2,000, makampani awiri

Tiyeni titenge chitsanzo n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Manambala omwe ndigwiritse ntchito ndawasankha kuti kuwerenga kuphweke, si mareti a lero kapena a kampani ina iliyonse. Tinene kuti reti yapakati ndi K100 pa randi imodzi. Mnyamata wina amagwira ntchito pamalo otsukira magalimoto ku Johannesburg, ndipo wasunga R2,000 yoti atumize kwa amayi ake. Ndalama yonse yomwe ali nayo ndi yomweyo, alibe ina yapadera yolipirira chaji. Pakadapanda wodyapo aliyense, amayi akadalandira K200,000. Nambala imeneyi ailembe pamwamba pa pepala, chifukwa zonse aziyerekeza ndi iyo.

Kampani yoyamba ikuti sitenga chaji, ndipo reti yake ndi K93 pa randi. Kuchulukitsa 2,000 ndi 93 kukupereka K186,000. Kampani yachiwiri ikufuna chaji ya R100, koma reti yake ndi K99. Pamenepa mnyamatayo ayenera kusamala. Popeza R100 ichoka pa ndalama yomweyo, yomwe isinthidwe ndi R1,900 yokha, ndipo 1,900 kuchulukitsa ndi 99 ndi K188,100. Kampani yomwe ikuoneka ngati yodula ija ikufikitsa K2,100 yochulukirapo kuposa yaulere ija. Poyerekeza ndi K200,000, yoyamba yadya K14,000, omwe ndi magawo 7 pa 100, pomwe yachiwiri yadya K11,900, kuchepera pang'ono magawo 6 pa 100.

Njira yachidule yofikira pa yankho lomweli ndi iyi: tengani makwacha onse omwe afike, mugawe ndi marandi onse omwe achoke m'thumba, chaji ili momwemo. Chotuluka ndiyo reti yeniyeni. Ku kampani yoyamba ndi K93, monga inanenera. Ku yachiwiri, 188,100 kugawa ndi 2,000 ndi K94.05. Reti ya K99 ija inali yoona, koma siyomwe mnyamatayo waipeza pa randi iliyonse yomwe anakhetsera thukuta. Ine ndimaona kuti nambala imodzi yokhayi ndiyo yoyenera kuikhulupirira poyerekeza makampani, chifukwa siyisiya malo obisalamo.

Koma tisathamangire kunena kuti kampani yachiwiri ndiyo yabwino nthawi zonse. Ngati chaji yake ya R100 siyisintha kaya ndalama ndi zambiri kaya zochepa, yankho limatembenuka malinga ndi kukula kwa ndalama. Mnyamata yemweyo akafuna kutumiza R500 yokha ya mankhwala, kampani yoyamba ifikitsa K46,500. Yachiwiri isintha R400 yokha n'kufikitsa K39,600, kutanthauza kuti reti yeniyeni yagwa kufika pa K79.20. Tsono akamatumiza R10,000 ya malata, yoyamba ifikitsa K930,000 pomwe yachiwiri ifikitsa K980,100, kusiyana kwa ndalama zoposa K50,000. Chaji yosasintha imapweteka pa ndalama zochepa, reti yoipa imapweteka pa ndalama zambiri. N'chifukwa chake mawu akuti "kampani yakutiyakuti ndiyo yotchipa", omwe amamveka kwambiri m'magulu a Amalawi a ku Joni, amakhala oona kwa munthu mmodzi koma onama kwa mnzake. Makampani ena amatenga chaji yokwera molingana ndi ndalama, ena amaika magawo, monga kuti kuyambira apa mpaka apa chaji ndi yakuti. Zonsezo sizisintha njira yathu yowerengera. Makampani monga Mukuru, Mama Money, Hello Paisa, Western Union ndi WorldRemit amaonetsa ndalama yomwe wolandira apeze musanalipire, ndiye n'zotheka kufunsa awiri kapena atatu pa ola limodzi, pa ndalama yofanana, n'kusankha.

Pali kamsampha kena m'kalembedwe ka reti. Nthawi zina imalembedwa chotembenuza: m'malo monena kuti 1 ZAR = 99 MWK, amalemba kuti 1 MWK = 0.0101 ZAR. Munthu akaona 0.0101 pa kampani ina ndi 0.0103 pa inzake amaganiza kuti n'zofanana, mwinanso kuti yaikuluyo ndiyo yabwino. Gawani 1 ndi nambala iliyonse muone. Yoyamba ikupereka pafupifupi K99 pa randi, yachiwiri pafupifupi K97. Pa R1,900 ija, kusiyana kooneka ngati fumbiku ndi ndalama zoposa K3,500.

Zafika, koma zaperewera

Tsopano tifike pa nkhani yomwe imadanitsa abale. Mnyamata uja wasankha kampani yachiwiri, walipira R2,000 pasitolo, ndipo wauza amayi ake kuti ayembekezere K188,100. Madzulo akuimba foni.

"Amayi, mwalandira zingati?"

"Andipatsa K180,300, mwana wanga."

Paperewera K7,800. M'mabanja ambiri apa m'pomwe kukayikirana kumayambira. Amakayikiridwa mlongo yemwe anaperekeza amayi kwa ejenti, amakayikiridwa ejenti, mwinanso amayi amayamba kuganiza kuti mwana wawo anawonjezera nambala pofuna kutamandidwa. Zimandiwawa kuona ubale ukusweka chifukwa cha nkhani yomwe mapepala awiri akanaithetsa. Mapepalawo ndi lisiti ya wotumiza ndi uthenga wa pafoni ya wolandira.

Choyamba ndi kusiyanitsa ndalama yomwe inalowa mufoni ndi yomwe inalowa m'manja. Afunse amayi kuti asafufute uthenga, ndipo wina awerenge nambala yomwe ili mu uthenga woyamba, wonena kuti ndalama zalowa. Tinene kuti uthengawo ukuti K184,300. Ndiye kuti K4,000 inapita potapa. Ndalama zikalowa mu Airtel Money kapena mu TNM Mpamba, kuzitapa kwa ejenti kuli ndi chaji yake, yomwe kampani ya ku Joni siyiiwerengera chifukwa si yake. Chajiyi imadulidwa mufoni momwemo ndipo imaoneka mu uthenga wachiwiri, wonena za kutapa. Ngati uthengawo ukuonetsa K4,000, palibe wakuba. Ngati ukuonetsa chaji yocheperapo koma ndalama ya m'manja yaperewera kuposa pamenepo, funso lipite kwa ejenti, chifukwa ejenti sayenera kudulanso ina pamanja pamwamba pa yomwe yadulidwa mufoni. Kumadera komwe ejenti ndi mmodzi yekha, anthu achikulire amachita manyazi kufunsa, ndipo ena amapezerapo mwayi. Ndi bwino wachinyamata wodziwa kuwerenga aziperekeza n'kuwerenga uthengawo pomwepo asanachoke.

Patsala K3,800, kusiyana kwa K188,100 ndi K184,300. Iyi inatayika ndalama zisanafike ku Malawi, ndipo yankho lake lili pa lisiti. Pali njira yodziwira ngati vuto ndi chaji kapena ndi reti. Tengani makwacha omwe analowa mufoni mugawe ndi marandi omwe lisiti ikuti anasinthidwa. Apa 184,300 kugawa ndi 1,900 kukupereka 97 ndendende. Ndiye kuti chaji inali R100 monga anauzidwira, koma reti yomwe inagwiritsidwa ntchito ndi K97, osati K99. Zikanakhala kuti reti pa lisiti ikadali 99, tikanagawa 184,300 ndi 99 n'kupeza kuti anasinthidwa ndi marandi pafupifupi 1,862, kutanthauza kuti pali R38 ina yomwe inadulidwa penapake, mwina ngati chaji yolipirira pasitolo. Kuwerenga kuwiri kumeneku kumakuuzani funso loyenera kufunsa. Munthu wopita kukadandaula kuti "ndalama zanga zaperewera" amabwezedwa ndi mawu okoma. Wopita kukanena kuti "munandiuza 99 koma mwasinthira pa 97" amayenera kupatsidwa yankho.

Nanga reti ingasinthe bwanji pakati pa kuuzidwa ndi kulipira? Chifukwa chofala kwambiri ndi nthawi. Randi imakwera ndi kutsika tsiku lonse pamsika wa ndalama, ndipo makampani amasintha mareti awo motsatira. Reti yomwe munthu waiona m'mawa ali pa basi si lonjezo. Imakhala lonjezo pokhapokha wapanga oda n'kupatsidwa nambala yake, ndipo odayo imakhala ndi nthawi yake yothera. Akachedwa kulipira, oda ikatha mphamvu n'kupanga ina, reti imakhala ya nthawi imeneyo. Mnyamata wathuyo mwina anaona 99 Lachisanu, malipiro n'kuchedwa, iye n'kupanga oda Lolemba osayang'ananso. Chifukwa china n'chakuti makampani ena amapereka reti yabwino kwa munthu wotumiza koyamba, pofuna kumukopa, ndipo reti imeneyo ndi yomwe imaikidwa patsogolo pa zotsatsa malonda. Chinanso ndi njira yolandirira: kampani imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi reti kapena chaji yosiyana pa ndalama yokatenga pamanja, yolowa mufoni ndi yolowa mu akaunti ya ku banki.

Kuti nthawi ndi yofunika motani, Amalawi tinazionera tokha mu Novembala 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100. Dola yomwe inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Munthu yemwe anasintha madola 100 dzulo lake anapeza pafupifupi K118,000, mnzake wa mawa lake pafupifupi K170,000. Zofanana nazo zinachitika mu Meyi 2022, kwacha itatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100. Masiku otere ndi osowa, koma akutiphunzitsa kuti reti yopanda tsiku ndi ola lake singathandize pa mkangano uliwonse. Choncho musanakanikize batani lovomereza, jambulani zomwe zili pafoni: ndalama yomwe mukulipira, chaji, reti, ndalama yomwe wolandira apeze, ndi nthawi. Mukalipira pamanja, lisiti muisunge, komanso muijambule, chifukwa zolembedwa pa mapepala a m'makina a m'sitolo zimafufutika pakangopita miyezi yochepa.

Tikaphatikiza zonse, amayi aja analandira K180,300 pa R2,000, ndiye reti yeniyeni ya ulendo wonse ndi K90.15. Pafupifupi magawo 10 pa 100 atsalira m'njira, pomwe mnyamatayo ankaganiza kuti walipira R100 yokha, yomwe ndi magawo 5 pa 100. Palibe amene waphwanya lamulo. Koma akadziwa zimenezi akhoza kusankha mwanzeru ulendo wina. Ngati ndalamazo ndi za fizi ndipo sukulu imalandira kudzera pafoni kapena ku banki, palibe chifukwa chozitapa. Ngati kufupi ndi kwawo kuli malo omwe kampaniyo imaperekera ndalama pamanja, ayerekeze chaji yotapira ndi mtengo wa kabaza wopita kumeneko.

Zikadutsa ku banki kapena pa khadi

Amene ali ndi abale ku Britain kapena ku America, kapena amalandira malipiro kuchokera kunja mu akaunti ya ku banki, amakumana ndi vuto lomweli koma litavala malaya ena. Ndalama yochoka ku banki ya kunja nthawi zambiri imadutsa ku banki ina yapakati isanafike kuno, ndipo banki yapakatiyo imadulapo yake. Pa fomu yotumizira pamakhala zilembo zitatu zosankha: OUR, kutanthauza kuti wotumiza alipira machaji onse, SHA, kuti wotumiza alipira a banki yake ndipo otsalawo achoka pa ndalama ya wolandira, ndi BEN, kuti onse achoka kwa wolandira. Ngati anatumiza mapaundi 300 koma banki yanu ikuti afika 282, musayambe ndi reti. Pemphani wotumiza akupatseni chikalata chotsimikizira kutumizako, chomwe a banki ambiri amachitchula kuti MT103, muone zilembo zomwe anasankha. Mukatero mufunse banki yanu reti yomwe yasinthira ndi tsiku lake. Imakhala reti yogulira ya tsiku lomwe ndalama zalowa, osati ya tsiku lomwe zinatumizidwa, ndipo mabanki ambiri amasiyanitsa reti ya ndalama zamapepala ndi ya ndalama zodutsa mu akaunti.

Pa khadi napo tsiku limasokoneza anthu. Wamalonda akagula katundu ku Joni ndi khadi ya Visa kapena ya Mastercard ya banki ya kuno, ndalama yomwe imaoneka mu uthenga wa nthawi yomweyo nthawi zina imakhala yongogwiridwa. Kusintha kwenikweni kumachitika pomwe malondawo akutsirizidwa, mwina patapita masiku angapo, ndipo banki imawonjezapo chaji yake ya malonda a kunja. Choncho yerekezani lisiti ya m'sitolo ndi sitetimenti ya ku banki, osati ndi uthenga woyamba. Ndipo makina olipirira kapena otapira ndalama kunja akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya dziko lomwe muli kapena kuti akusinthireni okha pomwepo, sankhani ndalama ya dzikolo. Reti yomwe makinawo amapereka imakhala ndi phindu la eni ake, ndipo kawirikawiri imaipa kuposa ya banki yanu.

Nanga reti ya mumsewu?

Owerenga ena anena kale mumtima kuti zonsezi ndi zabwino, koma aliyense akudziwa kuti ku Malawi reti ya mumsewu imakhala pamwamba kwambiri kuposa ya ku banki. N'zoona, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunyoza owerenga. Kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa kuti m'zaka zaposachedwapa mtunda wa pakati pa mareti awiriwa ukhale waukulu, n'chifukwa chake ambiri amapatsira madalaivala a mabasi ndi a malole, kapena amapereka marandi kwa munthu wa ku Joni yemwe ali ndi mnzake ku Lilongwe wopereka makwacha. Koma tinene zinthu ziwiri mosapita m'mbali. Kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo n'kuphwanya malamulo a dziko lino, ndipo anthu amamangidwa nazo. Chachiwiri, kuwerenga konse komwe tachita m'nkhani ino kumatsamira pa lisiti. Wa mumsewu akakuuzani 140 m'mawa, madzulo n'kupereka pa 125 akunena kuti zasintha, mulibe pepala lomutsutsira, ndiponso mulibe kokadandaula popanda kudziulula nokha.

Kusiyana kwa maretiku kulinso ndi tanthauzo lina kwa munthu wotsata njira zovomerezeka. Reti ya pa intaneti ikhoza kusagwirizana ndi zomwe makampani akupereka pa tsikulo, chifukwa msika wathu wa ndalama zakunja sukuyenda momasuka ngati wa randi kapena wa paundi. Ndiye reti yapakati muziigwiritsa ntchito ngati poyambira chabe. Muyeso wodalirika kwambiri ndi kuyerekeza makampani ovomerezeka okhaokha pa ola limodzi, kenako kuyerekeza zomwe kampani yomwe mwasankha inakulonjezani ndi zomwe yachita.

Kudandaula komwe kumamveka

Tinene kuti mwawerenga ndipo mwapeza kuti vuto si nthawi kapena chaji yotapira. Chithunzi cha oda yomwe munavomereza chikuonetsa 99, nambala ya oda ndi yomweyo yomwe ili pa lisiti, munalipira nthawi isanathe, koma ndalama zasinthidwa pa 97. Apa muli ndi mlandu weniweni. Wodandaula akhale wotumiza, chifukwa mgwirizano ndi kampani anapanga ndi iye. Alembe, asangoimba foni, kuti pakhale umboni. M'kalatamo mukhale nambala ya oda, tsiku ndi nthawi, ndalama yomwe analipira, reti yolonjezedwa, reti yomwe inagwiritsidwa ntchito, ndi kusiyana kwake m'makwacha, monga K3,800 ija, pamodzi ndi zithunzi. Apemphe zinthu ziwiri zomveka: kufotokozeredwa kwa kusiyanako ndi kubwezeredwa ndalamayo. Apemphenso nambala ya dandaulo lake. PIN ya foni kapena ya khadi isaperekedwe kwa aliyense, ngakhale woimba foni wonena kuti akufuna kukubwezerani ndalama, chifukwa akuba amakonda kudikira anthu odandaula.

Ngati vuto lachitikira mbali ya kuno, ku banki, ku byuro kapena kwa ejenti wa ndalama za pafoni, yambani ndi kampani yomweyo. Ikakana kapena ikangokhala chete, nkhani ikhoza kupita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndi makampani a zachuma ndipo imalandira madandaulo a makasitomala awo. Palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limamva nkhani za malonda osocheretsa ogula. Vuto likachitikira ku South Africa, lamulo lomwe limagwira ntchito ndi la kumeneko, komwe makampani otumiza ndalama kunja amayenera kukhala ndi chilolezo cha South African Reserve Bank.

Pa byuro zinthu zimafuna changu kuposa pamenepa. Ndalama musanazipereke pawindo, funsani kuti, "Pa marandi awa mundipatsa zingati zonse, mutachotsa zochotsa?" Chulukitsani nokha pafoni, muyerekeze ndi zomwe wanena ndi zomwe zili pakhoma. Akakupatsani, werengani ndalamazo muli pawindo pomwepo, ndipo muone ngati lisiti ikuonetsa reti yomweyo, chifukwa mukangotuluka pakhomo zimavuta kutsimikiza kuti kuperewerako kunachitikira mkatimo.